Adiresi ya kafukufuku yoyenera kusindikiza pa kapepala

Linki ikabwera pa WhatsApp palibe amaiwerenga. Munthu amangoigunda ndi chala, fomu n'kutseguka, ndipo kaya linkiyo ndi yaitali ngati msewu wa M1 zilibe kanthu. Koma linki yomweyo mukaisindikiza pa kapepala kogawa pamsika kapena komata pakhoma, imasanduka ntchito. Wolandira kapepalako ayenera kuyang'ana papepala, kusunga zilembo zingapo m'mutu, kuzilemba pa foni, n'kubwereranso papepala kukafuna pomwe analekezera. Akaphonya chilembo chimodzi fomu sitseguka, ndipo sadzakuimbirani kuti akuuzeni. Kapepalako amangokulungiramo mtedza.

Tiyerekeze kuti bungwe lina laling'ono likufuna kumva maganizo a anthu a m'dera lina pa nkhani ya madzi: mipopi imauma kangati pa sabata, ndowa amagula ndalama zingati, ndi zina zotero. Mafunso awakonza mu Google Forms, ndipo akufuna kusindikiza timapepala 500 ta saizi ya A5, ija ya theka la pepala wamba la fotokope. Theka agawa pamsika, theka lina pa matchalitchi ndi pa mzikiti. Funso ndi lakuti alembepo adiresi yanji.

Adiresi yeniyeni ya fomu yotereyi imayamba ndi `docs.google.com/forms/d/e/`, kenako pamabwera mndandanda wa zilembo ndi manambala wosawerengeka, n'kutha ndi `/viewform`. Yonse pamodzi imafika zilembo pafupifupi 100. Imeneyo aliyense amaona yekha kuti singatheke. Msampha uli pa yachiwiri. Google Forms ili ndi poti mudine `Shorten URL`, ndipo imakupatsani adiresi yoyamba ndi `forms.gle/` yotsatiridwa ndi zilembo 17. Imakwana bwino pamzere umodzi, imaoneka yaudongo, ndipo anthu ambiri amathera pomwepo n'kuthamangira kosindikiza. KoboToolbox, imene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito posonkhanitsa mayankho, nayo imapereka adiresi yofupikirapo, yotha ndi zilembo 8 zosakanikirana.

Kufupika ndi kulembeka n'zinthu ziwiri zosiyana. Zilembo 17 zija sizipanga liwu lililonse. Diso la munthu likaona liwu loti madzi limalinyamula lonse kamodzi, koma likaona zinthu ngati `aB3xl1OqZ0` limatola chimodzichimodzi ngati nkhuku pa chimanga. Komanso m'zilembozo muli zazikulu ndi zazing'ono, ndipo pa maadiresi amenewa B wamkulu ndi b wamng'ono si chinthu chimodzi. Lamulo lake lili motere: gawo loyamba la adiresi, dzina la webusayiti, silisamala za kukula kwa zilembo, koma gawo lobwera pambuyo pa kamzere kopendekeka ka `/` lingathe kusamala, malinga ndi mmene seva yake, kompyuta imene imasunga webusayitiyo, inakonzedwera. Ma linki a `forms.gle` ndi a `bit.ly` amasamala. Ndiye wolemba pa foni ayenera kudina batani la zilembo zazikulu apa ndi apo, kusintha kiyibodi kuti apeze nambala, kubwereranso ku zilembo, uku dzanja lina lagwira pepala.

Pamwamba pa izo pali zilembo zofanana nkhope. M'zilembo zambiri zosindikizira, l wamng'ono, I wamkulu ndi nambala 1 zimaoneka ngati kamtengo komweko. O ndi 0 nazonso ndi mapasa. Pepala likadutsa mu fotokope yotha inki, r ndi n zoyandikana zimagundana n'kukhala m. Munthu atha kulemba mosamala kwambiri n'kulakwabe, mlandu osakhala wake.

Choncho chimene bungwe lija likufuna ndi adiresi yopangidwa ndi mawu enieni, yoti munthu atha kuinena pakamwa mnzake n'kuimva. Njira zake zilipo ziwiri, ndipo sizilingana.

Yoyamba ndi kugwiritsa ntchito mawebusayiti ofupikitsa ma linki, monga TinyURL kapena Bitly. Mumamatamo linki yaitali ija, n'kusankha nokha mawu akumapeto m'malo molandira zilembo zachisawawa. Imatha m'mphindi zisanu ndipo sifuna katswiri. Vuto lake n'lakuti mawuwo mumagawana ndi dziko lonse. Mawu aafupi okoma anatengedwa kalekale, ndiye mumakakamizika kutalikitsa, mwina kuwonjezera dzina la dera kapena chaka. Ndipo munthu akalakwitsa chilembo, si nthawi zonse pamene amalandira uthenga woti palibe kanthu. Mwina agwera pa linki ya munthu wina amene anasankha mawu oyandikana ndi anuwo, n'kupezeka ali pa tsamba losadziwika bwino atanyamula kapepala ka dzina lanu. Chinanso, pa maakaunti aulere nthawi zambiri simuloledwa kusintha komwe linki ikuloza mukaipanga kale, ndipo ena amayamba aonetsa tsamba la malonda munthu asanafike kumene akupita.

Komanso khomolo ndi la eni. Google inali ndi chofupikitsira chake, `goo.gl`, chimene anthu anachisindikiza m'mabuku ndi m'timapepala kwa zaka zambiri. Mu 2018 inalengeza kuti ikuchitseka, ndipo mu 2024 inanena kuti ma linki akale asiya kugwira ntchito mu Ogasiti 2025. Pambuyo pake inafewetsako n'kusiya amene anali kugwiritsidwabe ntchito, koma nkhaniyi imaonetsa mmene zinthu zilili: mwini khomo akaganiza zotseka, pepala lanu silifunsidwa. Kwa kafukufuku wa milungu itatu zimenezi sizoopsa kwenikweni. Kwa chikwangwani chimene chikhale pakhoma zaka ziwiri, n'zofunika kuziganizira.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda ngati bungwe lili kale ndi webusayiti, ndi kupanga adiresiyo pa dzina lanu lomwe. M'nkhani muno tigwiritsa ntchito `example.org`, dzina limene linapatulidwa kuti lizingokhala la zitsanzo, m'malo mwa dzina la bungwelo. Pa kapepala alemba `example.org/madzi`. Ndi zilembo 17 zokha kuyambira koyamba mpaka kumapeto, zonse zazing'ono, popanda nambala. Pa adiresi imeneyi palibe tsamba lililonse. Pali lamulo chabe louza seva kuti aliyense wofika pakhomo limeneli amulozere ku fomu ija. Ngati webusayiti ili pa WordPress, pali pulogalamu yowonjezera yotchedwa Redirection imene imachita zimenezi popanda kulemba kodi, malamulo aja olembera kompyuta. Ngati ili pa seva ya Apache, wosamalira webusayiti amawonjezera mzere umodzi mu fayilo ya `.htaccess`:

```
RedirectMatch 302 (?i)^/madzi/?$ https://forms.gle/LINKI_YA_FOMU
```

Mu mzere umenewu muli tinthu titatu toyenera kutimvetsa ngakhale simuli wolemba kodi, chifukwa ndi timene muzikafunsa kwa amene akukukonzerani. Ka `(?i)` kakutanthauza kuti seva isasamale za kukula kwa zilembo: Madzi, MADZI ndi madzi zonse zifike kumodzi. Ka `/?` kakuloleza munthu amene wawonjezera kamzere kopendekeka kumapeto. Ndipo nambala ya 302 ndiyo mtima wa nkhani yonse.

Seva ikamalozera munthu kwina, imanenanso ngati kusamukako n'kwamuyaya kapena kwakanthawi. Nambala 301 imati tasamukiratu, 302 imati pakali pano pitani uko. Bulawuza, kaya ndi Chrome kapena ina, ikamva 301 imasunga yankholo, ndipo ulendo wina sifunsanso seva. Imangothamangira ku malo akale aja. Akatswiri ambiri a mawebusayiti anazolowera 301 chifukwa ndi imene imafunika posamutsa masamba, ndiye mukapanda kunena adzakuikirani imeneyo mwachizolowezi. Pa kapepala ka kafukufuku mukufuna 302. Taganizirani kuti tsiku lachitatu bungwe lija lazindikira kuti fomu ya Chichewa inalakwika kwambiri moti apanga yatsopano, kapena asamukira ku KoboToolbox. Timapepala 500 tili kale m'matumba a anthu. Ndi 302, asintha mbali yakumanja ya mzere uja, ndipo kapepala kalikonse kayamba kuloza ku fomu yatsopano nthawi yomweyo, ngakhale pa mafoni amene anatsegulapo kale. Adiresi ya papepala ikhale ngati chikwangwani cha pamphambano chimene mutha kuchitembenuza, popeza pepalalo simungalisinthe.

Tsopano mawu akumapeto aja. Apa mpamene olankhula Chichewa tili ndi misampha yathuyathu imene malangizo olembedwa kunja saidziwa. Woyamba ndi l ndi r. Mukasankha liwu loti maphunziro, ena alemba maphunzilo, ndipo sadzaona kuti alakwa chifukwa ndi mmene amalembera tsiku ndi tsiku. Diso limawerenga liwu, chala n'kulemba mmene mwini wake analizolowerera. Wachiwiri ndi kachizindikiro kaja ka mu ng'ombe kapena m'mudzi: pa kiyibodi ya foni kamabisala, mafoni ena amaika kopindika m'malo mwa kowongoka, ndipo seva imationa ngati tizindikiro tiwiri tosiyana. Chimodzimodzi ŵ wa kadenga. Liwu loti kafukufuku nalo, ngakhale ndi loyenera, ndi lalitali ndipo limabwereza, moti wolemba mothamanga amasiya fuku mmodzi panjira. Mawu ngati madzi, msika, sukulu kapena umoyo ndi abwino chifukwa ndi aafupi ndipo ambiri amawalemba mofanana.

Pa dzina lanu mutha kutcheranso ukonde kwa olakwitsa. Ngati mukuganiza kuti ena alemba mazi, wonjezerani mzere wachiwiri kuti `/mazi` ifikenso ku fomu yomweyo. Sizidya ndalama. Pa mawebusayiti ofupikitsa aja zimenezi zimatheka pokhapokha ngati liwu lolakwikalo palibe analitenga.

Pewani kulumikiza mawu awiri ndi kamzere ngati mungathe. Kamzere kapansi kamasowa adiresi ikatsekedwa mzere kunsi kwake, zimene Word imachita yokha mukangolemba adiresi n'kudina mpata. Kamzere kapakati kamasokoneza adiresi ikaduka pakutha pa mzere, chifukwa wowerenga sadziwa ngati kali mbali ya adiresi kapena kangosonyeza kuti liwu likupitirira. Ndipo mpata weniweni usapezekemo konse. Munthu akalemba zinthu zokhala ndi mpata pamwamba pa bulawuza, foni imaganiza kuti akufufuza nkhani, ndiye imamutengera ku Google m'malo motsegula adiresi. Fomu yanu kumeneko sakaipeza.

Bungwe lija linafunanso kudziwa kuti ndi timapepala titi tabweretsa mayankho, ta pamsika kapena ta kumalo opempherera. Anthu ambiri amathamangira kulemba madzi1 ndi madzi2, zimene zikubwezeretsa nambala 1 uja tinamuthawa. Njira yabwino ndi kusankha liwu lina: `example.org/madzi` pa timapepala ta pamsika, `example.org/mpopi` pa tinato, zonse zikuloza ku fomu imodzi. Google Forms imalola kupanga linki imene yankho la funso lina lalembedwa kale, ndipo linkiyo imatha ndi zinthu ngati `entry.123456=msika`. Ndi yaitali, koma palibe adzailemba ndi chala, chifukwa ikhala kuseri, mu mzere wa pa seva uja. Mayankho akamabwera, aliwonse amanena okha kumene achokera. Ingodziwani kuti woyankha amaliona yankho lolembedwa kalelo ndipo atha kulisintha, komanso kapepala ka pamsika katha kukawerengedwa kutchalitchi. Ndi chisonyezo chothandiza, osati umboni wa kukhoti.

Pa kapepala penipeni, adiresi ikhale payokha pa mzere wake, ya zilembo zazikulupo kuposa mawu ena onse kupatula mutu. Isakhale kumapeto kwa chiganizo, chifukwa kadontho kotsekera chiganizo ena adzakalemba ngati mbali ya adiresi. `https://` musiyeni, mafoni amaika okha. `www` nayenso mutha kumusiya, koma yesani kaye ngati webusayiti yanu imatseguka popanda iyeyo, popeza ena sanakonzedwe choncho. Yesaninso ndi `www`, chifukwa alipo anthu amene adzamuwonjezera okha poganiza kuti mwaiwala. Zilembo zikhale zakuda pa malo oyera. Zoyera pa chithunzi cha mtundu zimakongola pa kompyuta, koma tsiku lina wina adzachulukitsa kapepalako pa fotokope ya pa tauni, ndipo adiresi idzamira mu mdima. Pamwamba pake lembani chiganizo chimodzi chouza munthu pomwe alembe, monga chakuti tsegulani Chrome kapena Opera Mini, lembani izi pamwamba. Kwa ena zioneka ngati kuphunzitsa agogo kuphika nsima, koma alipo ambiri amene intaneti yawo yonse ndi WhatsApp ndi Facebook, ndipo sanalembepo adiresi chibadwire.

Wina afunsa kuti bwanji osangoika kabokosi ka QR, kaja ka timadontho kamene kamera ya foni imawerenga n'kutsegula linki. Kaikeni, koma pambali pa adiresi, osati m'malo mwake. Si foni iliyonse imene kamera yake imawerenga QR payokha. Zina zimafuna pulogalamu ina, ndipo kamera yosweka galasi kapena pepala lopindidwa pakati pa kabokosiko zimalepheretsa. Kabokosiko kapangeni kuchokera ku adiresi yaifupi ija, osati ku linki yaitali ya fomu. Zilembo zikachepa timadontho take timakhala tikulutikulu, ndiye kamawerengeka msanga, komanso mukadzatembenuza chikwangwani chija, QR nayo idzatembenuka. Pa kapepala kogwira m'manja kasachepere masentimita 2 mbali zonse, ndipo kazunguliridwe ndi malo oyera.

Adiresi ikhoza kukhala yangwiro, munthu n'kukakanizidwa pakhomo la fomu. Izi zimachitika kawirikawiri ndipo wokonza fomu saziona, chifukwa iye amayesera pa kompyuta yake imene analowa kale mu akaunti. Mu Google Forms, mukatsegula `Limit to 1 response`, aliyense woyankha ayenera kulowa mu akaunti ya Google. Mukaika funso lofuna kuti munthu atumize chithunzi kapena fayilo, n'chimodzimodzi. Ngati fomu inapangidwa pa akaunti ya kuntchito, ikhoza kukhala yotsekeredwa kwa anthu a m'bungwe lomwelo basi. Ambiri amene anatsegulidwira akaunti ndi wogulitsa foni sakumbukira pasiwedi yake, ndipo akangoona tsamba lofunsa imelo amabwerera. Palinso olakwitsa pokopera adiresi ya pamwamba pa tsamba lokonzera mafunso, yotha ndi `/edit`, m'malo mwa linki yoperekedwa kwa oyankha.

Ndiye kuyesa kwake kusakhale kwa pa kompyuta. Sindikizani kapepala kamodzi kokha, pa saizi yake yeniyeni. Kapatseni anthu atatu kapena anayi amene sanakhale nawo pokonza, mlonda, mayi wogulitsa mandasi pageti, mwana wa sekondale, aliyense pa foni yake ndi bandulo yake, osati pa intaneti ya mu ofesi. Musawathandize, ingoyang'anani zala. Muona pomwe akuima, muona kiyibodi ikusintha liwu la Chichewa kukhala lachingerezi kapena kuika mpata pambuyo pa kadontho, muona amene akulemba mu pulogalamu yolakwika. Muuzeni mmodzi ayankhe mpaka kumapeto, ndipo mukaone ngati yankho lake lafikadi. Pokhapo mpamene mungalipire timapepala 500.

Poyesa pomwepo padzatulukanso nkhani ya bandulo. Kuno ku Malawi anthu ambiri a Airtel ndi TNM amagula mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha, ndipo bandulo yoteroyo sitsegula mawebusayiti ena. Munthu alemba adiresi molondola, tsamba n'kumangozungulira. Adiresi yabwino singachize zimenezi, monganso singathandize mwini foni ya mabatani yopanda intaneti. Chimene kapepala kangachite ndi kunena poyera kuti pakufunika bandulo ya intaneti wamba, n'kupereka njira ina, monga nambala ya bungwe yotumizirako uthenga kapena malo opezera fomu ya papepala. Ndipo powerenga zotsatira, bungwe lija likumbukire kuti amene ayankha kudzera pa adiresi ndi okhala ndi mafoni amakono ndi bandulo, pomwe amene amapezeka pamzere wa mpopi 4 koloko m'mawa mwina si omwewo.

Dzina lanu pa adiresi limathandizanso pa chikhulupiriro. Anthu atopa ndi mauthenga a akathyali onena kuti mwapambana mphoto, dinani apa, ndipo ambiri mwa mauthengawo amabwera ndi ma linki ofupikitsidwa a zilembo zosamveka. Adiresi yoyamba ndi dzina la bungwe lomwe lili pamutu pa kapepala imadzichitira yokha umboni. Fomu ikatseguka, mutu wake ukhale ndi dzina lomwelo ndi mawu omwewo, kuti munthu adziwe kuti wafika pamalo oyenera ngakhale adiresi ya pamwamba yasintha kukhala ya Google.

Timapepala tikagawidwa, manambala awiri ndi amene amauza pomwe pakudwala: anthu amene afika pa adiresi yaifupi, ndi mayankho amene alowa mu fomu. Woyambayo mumaipeza mu pulogalamu ya Redirection, mu kaundula wa seva, kapena pa akaunti ya chofupikitsira. Tinene kuti patapita sabata afika 60 koma mayankho ndi 4. Adiresi ikugwira ntchito, vuto lili pa fomu: mwina ikufunsa akaunti, mwina mafunso achuluka. Koma ngati afika 5 okha, mayankho n'kukhala 4, fomu ili bwino, anthu ndi amene sakufika, ndiye yang'anani kapepala, kagawidwe kake ndi nkhani ya bandulo ija. Nambala ya ofika imakhala yokwererapo pang'ono kuposa anthu enieni, chifukwa kuyesa kwanu komwe kumawerengedwa, komanso adiresi ikamatidwa mu WhatsApp imatsegulidwa kuti paoneke kachithunzi ka tsambalo. Pa webusayiti yanu palinso mndandanda wa maadiresi amene anthu anayesa koma sanapezeke, aja amabweza 404. Mukaonamo `/madz` kapena `/mmadzi` kangapo, mwapeza mmene anthu akulakwitsira, ndipo mutha kuwonjezera mzere tsiku lomwelo kuti obwera pambuyo afike.

Kafukufuku akatha, adiresi musaifafanize. Timapepala timakhalitsa m'Baibulo, m'kabati ndi pa bolodi la zidziwitso, ndipo wina adzayesa miyezi itatu itadutsa. Tembenuzirani `/madzi` ku tsamba lonena kuti kafukufuku anatsekedwa tsiku lakuti, ndi zimene zinapezeka ngati zatuluka. Tsiku lotsekeralo likhalenso litalembedwa pa kapepala kuyambira pachiyambi. Dzina la webusayiti limalipiridwa chaka ndi chaka, choncho musanasindikize funsani wosunga akaunti yake kuti likutha liti, kuopa kuti lingathe pakati pa kafukufuku, kapena kugulidwa ndi munthu wina timapepala tanu tikadali m'manja mwa anthu.